Musagawe bajeti ya ukwati mofanana kwa aliyense

Makomiti ambiri a ukwati amatenga bajeti yonse n'kuigawa mofanana kwa onse amene ali pa gulu la WhatsApp. Zimaoneka ngati chilungamo, koma zikatero mphunzitsi wa pulayimale ndi mwini golosale atatu amapemphedwa ndalama imodzimodzi. Woyambayo amangokhala chete, winayo amapereka zochepera zomwe akanatha.

Poyambira ndi pa eni ukwati. Akwati ndi makolo a mbali zonse anene kaye zimene ali nazo m'manja, ndipo komiti isonkhetse chotsalacho basi. Tiyerekeze kuti holo, chakudya, zokongoletsa, zoimbira ndi magalimoto zakwana K6,000,000, ndipo eni ake ali ndi K3,600,000. Yoperewera ndi K2,400,000. Ndalama ya perekani-perekani musaiwerengere pano, chifukwa imabwera pa tsiku lenilenilo pamene wa holo ndi wophika amafuna zawo lisanafike.

Malonjezo sakwaniritsidwa onse. Ine ndimalangiza kuti pa K5 iliyonse yolonjezedwa muziyembekezera K4, ndiye pofuna K2,400,000 mupemphe K3,000,000. Kenako wa kuchimuna ndi wa kuchikazi amene amawadziwa bwino abale akhale pansi ndi msungichuma, aike anthu m'magulu potengera kapezedwe kawo ndi kuyandikana kwa ubale. Anthu 10 a K100,000, anthu 30 a K50,000 ndi anthu 25 a K20,000 akwanitsa K3,000,000 ija. Mukanagawa mofanana, aliyense mwa anthu 65 amenewa akanapemphedwa pafupifupi K46,000, kuposa kuwirikiza kawiri zomwe a gulu lachitatu angathe. Azakhali akumudzi obweretsa thumba la mpunga kapena nkhuku, katundu wawo alembedwe pa mtengo wa pamsika, achotsedwe pa bajeti, ndipo asapemphedwenso ndalama.

Pa kauzidwe m'pamene maubale amaonongekera. Pa gulu pangolembedwa bajeti, ndalama yoperewera, tsiku lomaliza, ndi nambala imodzi ya Airtel Money kapena Mpamba pamodzi ndi dzina limene lidzaoneke potumiza. Gawo la munthu auzidwe payekha. Akuluakulu monga amalume satumiziridwa uthenga ndi mwana wa m'komiti, ankhoswe kapena wapampando awaimbire, anene kuti, "Amalume, tatsala ndi K2,400,000, ndiye timaganiza ngati mungatithandizeko K100,000, kaya pakamodzi kaya kawiri." Akanena kuti akwanitsa K60,000, lembani yomweyo popanda kunenerera.

Sabata iliyonse msungichuma alengeze ndalama yonse yalowa, ndipo wopereka aliyense alandire uthenga wotsimikiza. Mndandanda wa amene sanapereke usatuluke pa gulu. Tsiku lomaliza likhale pafupifupi mwezi ukwati usanachitike. Ngati pofika pamenepo ndalama yalowa siinafike theka, musakwezere anthu magawo: bwererani ku bajeti, muchepetse alendo oitanidwa ku madyerero kapena magalimoto a pa mdipiti.