Cholakwika chobisala m'chiganizo chowerengeka bwino

Munthu akakupatsani mawu a msonkhano ojambulidwa pa foni kuti muwalembe, musamulonjeze kuti abwere kudzatenga mawa m'mawa. Ola limodzi la anthu awiri akucheza m'chipinda chopanda phokoso limamudyera wolemba wozolowera maola anayi kapena asanu. Ukakhala msonkhano wa gulu pansi pa mtengo ku Senga Bay, mwera ukuwomba, ana akusewera chapafupi, maolawo amatha kufika asanu ndi atatu. Apotu n'kulemba kokha. Kufananitsa zolembazo ndi mawu a m'foni, komwe ambiri amakudumpha, kumafunanso nthawi yakeyake.

Ntchitoyi si yolemba maminitsi a msonkhano ayi. Mlembi wa gulu amalemba zimene anthu agwirizana, pomwe ife timalemba zimene aliyense ananena, mmene anazinenera. Choncho amene adzawerenge amakhulupirira kuti liwu lililonse linatuluka m'kamwa mwa mwini wake, ndipo sabwereranso ku foni kukatsimikiza.

Titenge chitsanzo cha amayi ogulitsa usipa amene ali ndi banki m'khonde. Bungwe lina lajambula msonkhano wawo wa mphindi 50 ndipo likufuna zolemba. Pa mphindi ya 23 msungichuma akuwerenga ngongole, ndipo wolemba walemba motere:

[00:23:41] Msungichuma: Amayi a nambala 7 anatenga K15,000 mwezi watha, ndiye anabweza. Ndi chiwongoladzanja ikukwana K60,000.

Werengani mzerewu kakhumi, simupezamo chilembo cholakwika. Chichewa chake n'chosalala. Koma muli zolakwika ziwiri, zonse zoti zingayambanitse anthu.

Choyamba chimaoneka ngakhale musanavale mahedifoni, mukangowerengetsera. Kumayambiriro kwa msonkhanowo wapampando wakumbutsa gulu kuti chiwongoladzanja chawo ndi K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Wotenga K15,000 ayenera kubweza K18,000. Amene amabweza K60,000 ndi wotenga K50,000. Vuto lachokera poti ndalama timazitchula m'Chingerezi, ndipo "fifitini sauzande" ndi "fifite sauzande" zimangosiyana kumapeto kwa liwu, pamene mawu a munthu amatsika, mphepo n'kuwaphimba. "Satini" ndi "sate" komanso "sikisitini" ndi "sikisite" zimasokoneza chimodzimodzi. Ndalama iliyonse m'zolemba ndimaifunira inzake yoitsimikizira: chiwonkhetso chimene chatchulidwa pambuyo pake, mtengo wa sheya, kapena munthu wina amene waibwereza.

Chachiwiri n'chobisika kwambiri. Msungichuma ananena kuti "sanabweze", osati "anabweza". Kaliwu ka "s" n'kopepuka, ndipo mphepo ikawomba pa foni kapena wina akatsokomola kamazimirira. Chilembo chomalizira nachonso anthu amachimeza akamayankhula mothamanga. Khutu likamva "anabwez" silidikira, limamaliza lokha ndi zimene likuyembekezera, dzanja n'kulemba. Wolembayo sananame. Iye anamvadi choncho, ndipo akangowerenga pepala lake adzagwirizana nalo. Mmodzi wa amayi aja wasanduka wopanda ngongole pa pepala la bungwe.

Chizindikiro chilipo kwa womvetsera modekha. Pakangotha masekondi ochepa wapampando akufunsa kuti, "Ndiye mayi, tikupatseni mpaka liti?" Munthu amene wabweza kale sapatsidwa tsiku. Chiganizo chikamakangana ndi yankho lotsatira, bwererani m'mbuyo.

N'chifukwa chake kuona zolakwika kumachitika ndi khutu, osati maso okha. Ine ndikamaliza kulemba ndimazisiya zigone, chifukwa tsiku lomwelo mutu umakhala ukukumbukirabe zimene ndalemba ndipo umamva zomwezo. Mawa lake ndimavala mahedifoni ophimba makutu onse, n'kuyatsa mawuwo kuyambira pachiyambi pa liwiro lake lenileni, maso akutsata mzere ndi mzere. Sipika ya foni siyithandiza pa ntchitoyi. Pa kompyuta, pulogalamu yaulere ya VLC ndi yokwanira: `Shift` pamodzi ndi kamuvi koloza kumanzere imabwezera mawu masekondi atatu, ndipo batani la `[` limachepetsa liwiro pang'onopang'ono. Osachepetsa mopitirira, chifukwa mawu akakokedwa kwambiri amasungunuka n'kusokoneza kuposa poyamba. Msonkhano wa mphindi 50 umatenga ola limodzi ndi theka kapena awiri kuuyendera motere. Pamene pali nambala, dzina, kapena mneni woti angakhale wokana ndimaimitsa n'kumvanso, ngakhale pakuoneka bwinobwino.

Pakapezeka munthu wachiwiri woti amvetsere, makamaka wozolowera mayankhulidwe a kunyanja, ndi bwino koposa. Kuno ku Salima munthu amatha kuyamba chiganizo m'Chichewa n'kukachimalizira m'Chiyao, ndipo kumpoto kwa Nkhotakota mumalowa Chitonga. Wosadziwa chiyankhulocho amakokera mawuwo ku liwu la Chichewa lofanana nawo kamvekedwe, n'kutulutsa chiganizo chimene palibe ananena. Ngati simuchidziwa, lembani kuti [akuyankhula Chiyao 00:31:10 mpaka 00:31:45] ndipo mupeze wochidziwa. Mayina a midzi ndi a mafumu musawalembe mongomvera, funsani kalembedwe kake kwa amene anajambula kapena onani pa mndandanda wa anthu amene anabwera.

Palinso cholakwika chopatsa munthu mawu a mnzake. Amayi awiri a mawu ofanana akalowererana, n'kosavuta kulemba zonse pa dzina limodzi. Apa wojambula ndiye angatithandize tisanayambe n'komwe: msonkhano usanalowe m'kati aliyense atchule nambala yake kapena udindo wake, kuti wolemba akhale ndi mawu a aliyense ofanizira. Ndikalephera kusiyanitsa ndimalemba "Mayi wina" basi. Kuloza munthu wolakwika pa nkhani ya ndalama n'koipa kuposa kusatchula dzina.

Chimene chimavuta olemba atsopano ndi manyazi osiya mpata. Amaona ngati pepala lokhala ndi [sizikumveka 00:23:44] likusonyeza ulesi, ndiye amadzazapo mawu owaganizira. Kwa ine ndi pepala lopanda mpata ngakhale umodzi, lochokera pa msonkhano wapanja nthawi ya mwera, limene limandikayikitsa. Mukamvetsera katatu kapena kanayi osamva, kachisanu simumvanso mawu a m'foni koma maganizo anu. Ikani chizindikiro ndi nthawi yake mupitirire. Ngati mukumva pang'ono koma simukutsimikiza, lembani liwulo ndi chizindikiro chofunsa, monga [sanabweze? 00:23:44], kuti wowerenga adziwe kuti apa pali chikayiko. Nthawiyo ndi imene imamufikitsa pamalopo m'masekondi ochepa m'malo momvetsera msonkhano wonse.

Nanga masamu akakuuzani kuti ndi K50,000 koma msungichuma akumveka bwinobwino akunena "fifitini"? Anthu amaphonya poyankhula, ndipo kukonza zimenezo mwakachetechete si udindo wathu. Lembani K15,000 mmene ananenera, kenako muikepo ndemanga yanu m'mabulaketi: [wolemba: ndalamayi sikugwirizana ndi K60,000, onani buku la gulu]. Amene anakupatsani ntchito akafunse msungichuma kapena akatsegule buku la ngongole, ndipo yankho likabwera lilembedwe ngati ndemanga, mawu a m'foni akhale momwe alili.