Oyilo wakutha wa mu injini si mankhwala

Njinga zamoto za kabaza zachuluka, ndipo njinga iliyonse ikasinthidwa oyilo imatulutsa pafupifupi lita imodzi ya oyilo wakuda. Galimoto yaing'ono imatulutsa malita anayi kapena kuposerapo. Kuda kwakeko ndi mwaye, tizidutswa ta zitsulo zoperepeseka ndi zotsalira za mafuta opsa, ndipo zina mwa izo zimayambitsa khansa ya pakhungu zikamakhudza thupi kawirikawiri.

Chomwe chikutidetsa nkhawa ife a zaumoyo ndi mphekesera yakuti oyiloyu amachiza zilonda, mphere ndi zipere. Ayi ndithu. Chilonda chopakidwa oyilo chimaoneka ngati chauma chifukwa chaphimbika, koma mkati mafinya akuchuluka. Mwana amabwera kuchipatala mwendo utatupa, thupi likutentha, ndipo namwino amayamba wavutika kuchotsa phala lakudalo asanaone n'komwe kukula kwa bala. Mphere ili ndi mankhwala ake opaka kuchipatala. Bala la chitsulo kapena msomali limafuna kutsukidwa ndi madzi aukhondo ndi sopo, kenako katemera wa kafumbata ngati akufunika. Galu, nkhumba kapena mbuzi yopakidwa oyilo imadzinyambita n'kumeza poizoniyo. Funsani alangizi a ziweto.

Oyilo wakuthayu musamuthire pansi, m'ngalande, kapena m'chimbudzi pofuna kupha fungo ndi ntchentche. Amalowa m'nthaka mpaka kufika ku chitsime kapena mjigo, ndipo oyilo wochepa chabe amaononga madzi ochuluka zedi. Kuwiritsa madzi otere sikumuchotsa. Kukolezera moto nako ayi, utsi wake ndi woopsa m'mapapo. Ena amasefa pansalu n'kubwezera mu injini ya chigayo, koma nsalu sigwira tizitsulo tosaoneka ndi maso, ndipo ndi tomwe timadya injiniyo.

Mukamasintha, tcherani beseni losadontha, ndipo fyuluta muisiye chozondoka usiku wonse kuti ikhe. Tsanulirani oyiloyo m'chigubu chomwe munagulira watsopano, mutseke zolimba, mulembepo, muike pomwe ana safika. Botolo la zakumwa kapena chigubu cha mafuta ophikira ayi, mwana adzayesa chakumwa. Musasakanize ndi petulo, madzi kapena mafuta a mabuleki, chifukwa wosakaniza ndi wovuta kuyenganso. Kafunseni ku galaja kapena pomwetsera mafuta ngati amasonkhanitsa. Apo ayi, a zachilengedwe ku khonsolo akuuzeni kokamusiya. Wotayikira pansi muwaze mchenga kapena utuchi, muwole, muike m'thumba.

M'manja sambani ndi sopo, osati petulo kapena palafini. Mwana akamwa oyilo musamusanzitse, chifukwa angalowe m'mapapo. Thamangani naye kuchipatala mutanyamula chigubucho. Ndipo ngati wina kwanuko wapakidwa kale pachilonda, mutsukeni ndi sopo n'kupita naye lero lomwe. Musadikire kuti muone ngati chipole.