Phindu lilipo m'buku, nanga ndalama zili kuti?

Pa ntchito yanga yowerengera anthu ndalama za bizinesi, funso limene ndimakumana nalo kawirikawiri ndi lakuti: "Mwati tapanga phindu chaka chino, nanga bwanji tikulephera kulipira antchito pakutha pa mwezi?" Wofunsayo nthawi zambiri amakhala atayamba kale kukayikira wogulitsa m'sitolo, kapena mlamu wake amene amasunga makiyi. Kuba kumachitika ndithu, sindikukana. Koma tikatsegula mabuku, nthawi zambiri timapeza kuti palibe waba. Ndalama zilipo, kungoti zina zagona pa shelufu ngati katundu, zina zili m'matumba mwa anthu amene anatenga katundu pa ngongole.

Ndalama ya bizinesi imayenda mozungulira. Imatuluka pogula katundu, katunduyo amakhala m'sitolo kudikira wogula, akagulidwa pa ngongole timadikiranso kuti wogulayo alipire, kenako ndalama imabwerera m'manja n'kukaodanso katundu wina. Ulendo umenewu umayezedwa ndi masiku, ndipo kuchuluka kwa masikuwo ndi kumene kumalamula kukula kwa mpamba woyendetsera bizinesi. Tiyeni titenge chitsanzo cha sitolo ya zomangira nyumba, ya simenti, malata, misomali ndi penti. Manambala ndawasankha dala kuti asavute kuwerengera.

Sitolo yathuyi imagulitsa katundu wa K365 miliyoni pa chaka, kutanthauza K1 miliyoni tsiku lililonse. Katundu amene wagulitsidwayo mwini wake anamuoda pa K292 miliyoni, yomwe ndi K800,000 pa tsiku. Manambala awiriwa tiwasunge, chifukwa zonse zotsatira zikutsamira pomwepo.

Tikawerenga katundu yense amene ali m'sitolo ndi m'nyumba yosungira, pa mtengo woodera, tikupeza K48 miliyoni. Tikagawa K48 miliyoni ndi K800,000 tikupeza 60. Amenewa ndi masiku a katundu: chinthu chikalowa m'sitolo muno chimatha pafupifupi miyezi iwiri chisanapeze wogula. Onetsetsani kuti tagawa ndi mtengo woodera osati wogulitsira. Katundu wa pa shelufu amalembedwa m'buku pa mtengo umene tinamugulira, choncho tikagawa ndi mtengo wogulitsira tidzinamiza kuti akuyenda msanga.

Kenako titsegule buku la okongola. Makontirakita, sukulu ndi mipingo imene ikumanga, onse pamodzi ali ndi ngongole ya K30 miliyoni kwa ife. Apa tigawa ndi K1 miliyoni, popeza ngongoleyo inalembedwa pa mtengo wogulitsira, ndipo tikupeza masiku 30.

Chachitatu chili mbali yathu. Nafenso sitilipira pompopompo kwa amene amatipatsa katundu. Tili ndi ngongole ya K16 miliyoni kwa iwo, ndipo tikagawa ndi K800,000 tikupeza masiku 20. Pa masiku amenewa bizinesi ikuyendera ndalama za eni katundu, popanda chiwongoladzanja.

Tsono tiphatikize. Katundu amagona masiku 60, wogula amatenga masiku 30 kuti alipire, onse pamodzi 90. Tichotsepo masiku 20 amene otipatsa katundu amatidikira, atsala 70. Ndiye kuti kuchokera tsiku limene talipira thumba la simenti kufika tsiku limene ndalama yake yabwerera, papita masiku 70. Ndipo popeza sitolo siitseka podikira, tsiku lililonse mwa masiku amenewo tikutulutsa K800,000 yoodera katundu wina. Tikachulukitsa 70 ndi K800,000 tikupeza K56 miliyoni. Imeneyi ndi ndalama yoyenera kukhala mu bizinesi nthawi zonse, kaya ndi ya mwini wake, kaya ndi ya ku banki. Siingatengedwe kukagulira galimoto, ngakhale buku litaonetsa phindu lotani.

Wina wakuthwa mutu aphatikiza 48 ndi 30, n'kuchotsa 16, n'kupeza K62 miliyoni, ndiye afunsa kuti K6 miliyoni inayo yachokera kuti. Limenelo ndi phindu limene lili m'kati mwa ngongole za ogula aja: K200,000 pa tsiku kwa masiku 30. M'buku linalembedwa kale ngati phindu, koma m'manja silinafike. Mbali ina ya yankho la funso tinayamba nalo lija ili pamenepa.

Ubwino wowerenga motere ndi wakuti tsiku lililonse limakhala ndi mtengo wake. M'sitolo muno, tsiku limodzi la katundu ndi K800,000. Mwini wake akachepetsa masiku a katundu kuchoka pa 60 kufika pa 50, K8 miliyoni imamasuka popanda kukapempha kwa aliyense. Okongola akayamba kuchedwa ndi masiku 15, K15 miliyoni imene amayembekezera siioneka, ngakhale malonda akuyenda monga kale.

Pamene anthu ambiri amagwera m'mbuna ndi pamene zinthu zikuoneka kuti zikuyenda bwino. Tiyerekeze kuti sitolo yathu yapeza makasitomala atsopano ndipo malonda akwera ndi theka, kufika K1.5 miliyoni pa tsiku. Masiku aja sanasinthe, akadali 70, koma tsopano tikuoda katundu wa K1.2 miliyoni pa tsiku. Mpamba wofunika wachoka pa K56 miliyoni kufika pa K84 miliyoni. Pakufunika K28 miliyoni yatsopano, ndipo ikufunika koyambirira, katundu asanagulitsidwe n'komwe. Ngati phindu lotsala tikalipira lendi, malipiro, magetsi ndi mafuta ndi K2 miliyoni pa mwezi, padzatenga miyezi 14 kuti phindulo likwanitse dzenje limeneli. M'miyezi imeneyo mwini sitolo amayamba kuzemba mafoni a eni katundu, malipiro a antchito amachedwa, kenako amapezeka ali kwa akatapila. Anthu akunja amadabwa kuti sitolo yodzaza ndi ogula yatsekedwa bwanji. Sikuti malonda analibe phindu ayi. Anakula mofulumira kuposa mpamba.

Ndi chifukwa chake munthu akabwera kwa ine mokondwa kuti wapeza oda yaikulu, ndisanafunse za phindu ndimayamba ndafunsa kuti adzalipidwa liti, ndiponso kuti amene akumupatsa katunduyo adzamudikira masiku angati. Oda ya phindu lalikulu yolipidwa pakatha masiku 90 ingathe kupha bizinesi imene oda ya phindu lochepa yolipidwa pompopompo ikanaikweza. Musaiwalenso msonkho. Amene analembetsa VAT amayenera kuipereka ku MRA mwezi wotsatira atalemba invoisi, kaya wogula walipira kaya sanalipire. Mumalipirira kasitomala msonkho kuchokera m'thumba mwanu, iye akadali ndi ndalama zanu.

Manambala atatu aja ali ndi pobisala pake, ndipo ndi bwino kuwakayikira pang'ono. Masiku 30 a okongola tinawapeza pogawa ndi malonda onse. Koma m'sitolo yotere anthu ambiri amalipira pomwepo. Ngati theka la malonda okha ndi la ngongole, ndiye kuti K30 miliyoni ija tiyenera kuigawa ndi K500,000, ndipo zoona zake n'zakuti okongola athu akutenga masiku 60. Ngati tinagwirizana nawo masiku 30, penapake pavuta. Mankhwala ake ndi kulemba ngongole iliyonse molingana ndi msinkhu wake: zosapitirira mwezi paokha, za miyezi iwiri paokha, zopitirira miyezi itatu paokha. Kawirikawiri mupeza kuti ambiri amalipira bwino, koma pali anthu awiri kapena atatu amene akhalira ndalama zambiri, ndipo nthawi zina mmodzi mwa iwo ndi wachibale amene aliyense akuopa kumukumbutsa.

Masiku 60 a katundu nawonso amabisa zambiri. Simenti imatha kulowa Lolemba n'kutha sabata lomwelo, pamene zitini za penti ya mtundu wina zakhala pa shelufu kuyambira chaka chatha. Nambala imodzi ija yaphatikiza zonse. Muyenera kuwerenga mtundu uliwonse paokha, ndipo fumbi la pa chitini limanena zoona kuposa buku. Katundu amene wakhala miyezi isanu ndi umodzi osayenda ndi bwino kumutsitsa mtengo kuti atuluke. Eni masitolo zimenezi zimawapweteka mtima chifukwa amaona ngati aluza, koma K3 miliyoni imene yagona mu penti ija ikanazungulira kangapo mu simenti. Palinso nkhani ya nyengo. Anthu amamanga kwambiri m'chilimwe, mvula ikayamba malonda amazizira, choncho kuwerenga kamodzi pa chaka sikukwanira. Werengani mwezi ndi mwezi, ndipo mpamba muukonzere mwezi umene dzenje limakula kwambiri.

Pa masiku a otipatsa katundu, mabuku amati kuwachulukitsa n'kwabwino, ndipo masamu akuvomereza. Koma pali kusiyana pakati pa kukambirana kuti akupatseni masiku 30 m'malo mwa 20, ndi kungosiya kuyankha foni. Woyamba wapeza K8 miliyoni mwaulemu. Wachiwiri tsiku lina adzauzidwa kuti kuyambira lero ndalama patsogolo, ndipo masiku 20 aja adzasanduka ziro. Zikatero ulendo uja wafika masiku 90, ndipo pakufunika K16 miliyoni yoonjezera nthawi imodzi. Ndikaona masiku amenewa akukwera m'buku la munthu popanda mgwirizano watsopano, sindimuyamikira. Ndimadziwa kuti ndalama zayamba kumuthera.

Kuno kwathu pali chinthu china chimene chimasokoneza masamu onsewa, ndicho kugwa kwa kwacha. Mu Novembala 2023 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, itatsitsidwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Kwa wogulitsa katundu wochokera kunja, masiku angathe kukhala omwe aja 70, malata omwe aja, koma mtengo woodera wakwera. Sitolo yathu ikanakhala yoitanitsa zonse kunja, ndipo mitengo n'kukwera ndi 44 peresenti yomweyo, K56 miliyoni ija ikanafika pafupifupi K81 miliyoni popanda kugulitsa msomali umodzi woonjezera. Amene anagulitsa katundu wakale pa mtengo wakale, kenako n'kudikira okongola mwezi wathunthu, anapeza kuti ndalama imene yabwera siikukwanira kudzaza mashelufu ngati kale.

Pa nyengo zotere sindingamudzudzule munthu amene wasunga katundu wambiri dala, makamaka wovuta kupeza chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Malata amasunga mtengo kuposa kwacha ya ku akaunti. Koma achite zimenezo atawerenga: masiku 30 oonjezera m'sitolo yathuyi ndi K24 miliyoni, ndipo ngati ndi yobwereka ku banki, chiwongoladzanja chake achiyerekeze ndi kukwera kwa mtengo kumene akuyembekezera. Asankhenso katundu wosungika. Malata ndi misomali zingadikire, koma simenti ikakhalitsa m'chinyontho cha dzinja imauma n'kusanduka mwala.