Kunjenjemera kwa manja si ukalamba chabe

"Agogo anga ku Ndirande akunjenjemera dzanja lamanja. Amalume akuti ndi ukalamba basi, mphamvu zatha. Nzoona?"

Ayi achimwene, mphamvu zilipo. Apatseni dzanja alifinye, mumva nokha. Vuto likhoza kukhala mkati mwa ubongo, m'timagulu ta maselo totchedwa bezo gangiliya. Uthenga wofuna kusuntha umachokera pamwamba pa ubongo, nkulowa m'timagulu timeneti, kenako nkudutsa pa thalamasi, kachigawo ka pakati pa ubongo kopatsira mauthenga, pobwerera kumwamba kuja. Timaguluti timagwira thalamasi ngati buleki, ndipo dopamini, mankhwala amene ubongo umadzipangira wokha, ndi amene amathandiza kumasula bulekiyo munthu akafuna kuyenda. Maselo opanga dopamini akamafa, buleki imakanirira. Amenewa ndiwo matenda a Parkinson.

Ayang'anitsitseni atakhala pamkeka. Dzanja likangokhala pamwendo limanjenjemera, chala chachikulu chikutikita chinzake ngati akusankha nyemba, koma akatambasula kuti atenge kapu ya tiyi limayamba ladekha. Kawirikawiri zimayamba mbali imodzi. Poyenda mapazi amakwekwereza, mkono wa mbali yomweyo sugwedezeka, ndipo nkhope imauma moti ena amaganiza kuti agogo akwiya. Izi zimandiwawa, chifukwa sanakwiye konse.

Buleki ikaduka zimatembenuka: sitiroko ikawononga kachigawo kamodzi ka timagulu tija mbali imodzi ya ubongo, mkono wa mbali inayo umaponyeka wokha mwamphamvu.

Apititseni ku Queens akawaone madokotala. Mankhwala a levodopa amasanduka dopamini muubongo. Sachiritsa, koma ambiri amayambanso kudzimangira okha mabatani.