Akuti 20 peresenti mwezi uliwonse, satifiketi ali nayo

"Mnzanga akundikokera ku kampani inayake, akuti ukaika ndalama umalandira 20 peresenti mwezi ndi mwezi osaphonya. Wanditumiziranso chithunzi cha satifiketi yawo. Ndilowe?"

Musathamange, werengani kaye zomwe zalembedwa pa satifiketiyo. Nthawi zambiri imakhala yolembetsera kampani basi, ija imangonena kuti dzina lakutilakuti linalembedwa m'kaundula wa makampani tsiku lakuti. Imeneyo aliyense atha kuipeza akadzaza mafomu n'kulipira kandalama kochepa, wogulitsa matayala amakhalanso nayo yomweyo, ndipo ofesi yoipereka siyang'ana ngati kampaniyo ili ndi chuma kapena ayi. Chofunika apa ndi laisensi yosonkhetsa ndalama za anthu, yomwe imachokera kwina, ku banki yaikulu ya dziko kapena bungwe loyang'anira za masheya. Ndi mapepala awiri osiyana kwambiri, akathyali amadziwa kuti ambiri sitisiyanitsa.

Nanga akandionetsa laisensi yeniyeniyo?

Chithunzi cha pa foni si umboni, chidindo ndi siginecha mwana wa sukulu atha kuzimata pa kompyuta. Tengani nambala ya laisensiyo, fufuzani nokha pa mndandanda wa makampani ovomerezeka womwe oyang'anirawo amatulutsa, kapena ayimbireni, koma nambala ya foni muipeze nokha osati yomwe yalembedwa pa pepala la kampaniyo, apo ayi muyankhidwa ndi msuweni wa mwini wake. Dzina lifanane chilembo ndi chilembo chifukwa ena amabera dzina la kampani yeniyeni n'kungowonjezera mawu amodzi. Onaninso kuti laisensiyo ndi ya ntchito yanji. Ya kubwereketsa ngongole siyiloleza kulandira ndalama zosungitsa. Ndipo ikakhala ya dziko lina lakutali, dzifunseni kuti zikavuta mukadandaula kwa ndani.

Ngakhale ikhale yoona sikuti mwapulumuka. Bernie Madoff wa ku America anali wolembetsedwa bwinobwino ku bungwe loyang'anira za masheya, ankapereka pafupifupi 1 peresenti yokha pamwezi, msika ukwere utsike iye phindu lake chimodzimodzi, mpaka anamangidwa mu 2008. Mabuku ake ankawerengedwa ndi kaofesi kakang'ono ka akauntanti kosadziwika n'komwe.

Koma mnzangayo walandira kale miyezi itatu, ndaona ndi maso anga

Eee walandira, sindikukana. Funso ndi loti ndalama za ndani. Tiyerekeze anthu 10 aika 100,000 aliyense, m'thumba muli 1,000,000. Mwezi uliwonse pafunika 200,000 yolipira "phindu" lija, ndiye ngakhale kampaniyo isagulitse ndi singano yomwe, itha kulipira miyezi 5 ndendende pongobweza ndalama za eni ake omwewo. Mnzanuyo pa miyezi itatu walandira 60,000, ya iye mwini, 40,000 ikadali kwa iwo koma akuvina kuti wapindula. Kuti thumba lisaphwe pafunika anthu awiri atsopano mwezi woyamba, koma awiriwo nawonso akufuna 20 peresenti yawo ndiye mwezi wotsatira bilu yafika 240,000, kenako kukwera, kukwerabe, n'chifukwa chake amakupatsani bonasi mukabweretsa munthu. Inuyo ndinu malipiro a mnzanu a mwezi wamawa, mwina iye sakudziwa n'komwe.

Komanso tawerengani, 20 peresenti pamwezi mukamabwezera momwemo, 100,000 imasanduka pafupifupi 890,000 pa chaka. Munthu wa bizinesi yotero angavutikirenji kupempha kwa inu m'malo mokatenga ngongole ku banki pa chiwongoladzanja chochepa? Charles Ponzi mu 1920 ku Boston analonjeza 50 peresenti pa masiku 45, chaka sichinathe zonse zinagwa.

Pa kontirakiti ndiyang'ane chiyani?

Choyamba dzina la akaunti yomwe mukutumizako ndalama. Ikakhala ya munthu osati ya kampani yomwe ili pa satifiketi, nkhani yathera pompo. Kenako funani mawu oti "phindu lotsimikizika" ngati alembedwadi, kawirikawiri amangowanena pakamwa, papepala mupeza timalemba tating'ono toti kampani ilibe mlandu ndalama zikatayika. Afunseni malipoti a chuma owunikidwa ndi akauntanti wapadera, mumve momwe ayankhire. Akayamba zoti ndi chinsinsi cha bizinesi, kapena mwayi utseka Lachisanu, mwadziwa.

Ndinaikamo kale, nditani?

Pemphani ndalama yanu yonse, osati phindu lokha, ndipo pemphani polemba. Akakuuzani kuti sisitemu ikukonzedwa, kapena lipirani kaye msonkho kapena fizi kuti ndalama ituluke, musawonjezere ngakhale pang'ono. Sungani malisiti, mameseji ndi kontirakiti, kanenani ku polisi ndi kwa oyang'anira aja, ndipo musalowetsenso m'bale wanu poganiza kuti bonasi yake ikubwezerani zanu.