Kusintha manambala pa chithunzi cha tchati pamene fayilo yake inatayika

M'maofesi ambiri zimachitika kuti lipoti lili pafupi kutumizidwa, ndiye wina waona kuti nambala imodzi pa tchati cha mizati ndi yolakwika, koma fayilo imene anapangira tchaticho inapita ndi kompyuta yakale kapena ndi munthu amene anasiya ntchito. Chotsala ndi chithunzi chokha. Anthu ambiri amangofufuta nambala yakale n'kulembapo yatsopano, mzati n'kuusiya momwe unalili. Pamenepa m'pamene pamayambira vuto, chifukwa wowerenga amayamba waona kutalika kwa mizati asanawerenge manambala, ndipo mzati ukanena china pamene nambala ikunena china, iye amakhulupirira mzatiwo. Choncho nambala ikasintha, mzati nawo uyenera kusintha mwa muyeso, osati mongoyerekeza ndi maso.

Musanayambe, onetsetsani kuti chimene muli nacho ndi chithunzidi. Ngati tchati chili mu Word kapena PowerPoint, dinanipo ndi batani lakumanja la mausi, ndipo mukaona mawu akuti Edit Data, n'kutheka kuti manambala akadali m'katimo. Ngati zimenezi zakanika, ndiye tiyeza.

Chithunzi cha pakompyuta chimapangidwa ndi timadontho totchedwa mapikiselo, ndipo kadontho kalikonse kali ndi malo ake owerengeka. Mukatsegula chithunzi mu Paint kapena mu GIMP n'kuyendetsa mausi, m'munsi mwa windo mumaoneka manambala awiri: yoyamba imanena mtunda kuchokera kumanzere, yachiwiri mtunda kuchokera pamwamba. Yachiwiriyi ndi imene tikuifuna, ndipo muzikumbukira kuti imakula mukamatsika, kotero kuti nsonga ya mzati wautali imakhala ndi nambala yaing'ono kuposa tsinde lake.

Tiyerekeze kuti tchati chikusonyeza matumba a chimanga amene magulu anayi a alimi anakolola, ndipo mzati wa gulu lina walembedwa 250 pamene nambala yoona ndi 310. Ntchito yoyamba si ya pa mzatiwo ayi, koma pa mzere woimirira wa kumanzere umene uli ndi manambala. Kulitsani chithunzi mpaka timadontho tizioneka, ndipo ikani mausi pakati penipeni pa kamzere ka 0. Tinene kuti mwapeza 640. Kenako pitani pa kamzere kapamwamba kwambiri, ka 400, ndipo mwapeza 160. Kusiyana kwake ndi mapikiselo 480, amene akuimira matumba 400, kutanthauza kuti thumba limodzi ndi mapikiselo 1.2. Ndimalangiza kutenga timizere titalikirane chotere, chifukwa dzanja likaphonya ndi kadontho kamodzi pa mtunda wautali cholakwacho chimakhala chochepa, pamene pa timizere toyandikana chimakula n'kufalikira m'masamu onse otsatira.

Musanakhulupirire 1.2 ameneyu, muyeseni pa mzati wina umene nambala yake ilibe vuto. Mzati wa matumba 180 uyenera kukhala wa mapikiselo 216, ndiye nsonga yake ikhale pa 424. Mukaipeza pamenepo, kapena kusiyana ndi kadontho kamodzi kokha, muyeso wanu ndi wabwino. Mukapeza kuti yasiyana ndi timadontho khumi, imani kaye, chifukwa mwina mwayeza molakwika kapena wina anachikonzapo kale chithunzicho ndi dzanja.

Tsopano masamu a mzati watsopano ndi awa:

```
310 × 1.2 = 372
640 − 372 = 268
```

Nsonga yakale inali pa 340, ndipo yatsopano iyenera kukhala pa 268, choncho mzati ukwere ndi mapikiselo 72. Tengani mtundu wa mzatiwo ndi chida chotolera mtundu, chija chooneka ngati kodonthezera mankhwala m'maso, ndipo jambulani bokosi lofanana nawo m'lifupi kuyambira pa 340 kufika pa 268. Musakoke chithunzi chonse kapena chigawo chake kuti chitalike, pakuti zimenezo zimapotoza zilembo ndi mizere yopingasa ya kumbuyo. Ngati nambala yatsika ndipo mzati ukufupika, malo amene mwafufuta muwabwezere mtundu wa kumbuyo, ndipo mizere yopingasa imene mzati unkabisa muilumikize pokopera kachigawo kopanda kanthu ka pambali pake. Pomaliza sunthani nambala yolembedwayo kuti italikirane ndi nsonga monga momwe zilili pa mizati ina, ndi zilembo za mtundu ndi kukula kofanana.

Msampha waukulu uli pa matchati amene mzere wawo wa manambala suyambira pa 0. Tinene kuti tchati chomwechi chayambira pa 100, ndipo 100 ali pa 640 pamene 400 ali pa 160. Mapikiselo 480 aja tsopano akuimira matumba 300 okha, ndiye thumba limodzi ndi mapikiselo 1.6, ndipo mzati wa 250 ndi wa mapikiselo 240, chifukwa ukungosonyeza matumba 150 a pamwamba pa 100. Munthu amene sanayang'ane pansi pa mzere amaganiza kuti popeza 310 ndi wamkulu kuposa 250 mwa muyeso wakutiwakuti, mzati nawo ukule mwa muyeso womwewo, ndipo amachulukitsa 240 ndi 310 n'kugawa ndi 250, n'kupeza pafupifupi 298. Masamuwo amaoneka aukhondo, koma mzati wa mapikiselo 298 pa tchati chimenechi ukunena matumba pafupifupi 286, osati 310. Njira yolondola ndi kuyamba mwachotsa poyambira: 310 kuchotsa 100 ndi 210, kuchulukitsa ndi 1.6 ndi 336, ndipo nsonga ikhala pa 304. Ngati tchati chilibe mzere wa manambala, mutha kuzindikira vutoli poyeza mizati iwiri n'kugawa kutalika kwa uliwonse ndi nambala yake. Mayankho akafanana, tchati chayambira pa 0, ndipo akasiyana kwambiri ndiye kuti pansi pake panadulidwa.

Pali pomwe kukonza chithunzi sikuthandizanso. Nambala yatsopano ikaposa mapeto a mzere, monga 450 pa tchati chothera pa 400, mzati umabowola pamwamba n'kukagunda mutu wa tchati, ndipo kuti mukulitse mzerewo muyenera kufupikitsa mizati yonse. N'chimodzimodzinso pamene manambala ambiri akusintha, pamene mizati inajambulidwa yooneka ngati mabokosi opendekeka, kapena pamene manambala a pa mzere akukwera motere: 10, 100, 1000, pa mipata yofanana, pakuti pamenepo pikiselo imodzi siimira kuchuluka kofanana paliponse. Zikatere ndi bwino kulemba manambala onse mu Excel kapena LibreOffice Calc n'kupanga tchati chatsopano, ndipo ine ndimasankha njira imeneyi nthawi iliyonse imene mizati yosintha yaposa umodzi. Ngati mizati ina ilibe manambala olembedwa, muwapeza potembenuza masamu aja, kugawa kutalika kwa mzati ndi 1.2 monga pa tchati choyamba chija choyambira pa 0, kapena pogwiritsa ntchito pulogalamu ya WebPlotDigitizer imene inapangidwira ntchito yomweyi.

Manambala opezedwa motere ndi oyandikira chabe. Pa tchati chathu pikiselo imodzi sikwana ngakhale thumba limodzi, koma mzere womwewo ukanakhala wa ndalama zofika K4,000,000, kadontho kamodzi kakanaimira ndalama zoposa K8,000, ndipo zithunzi zimene zadutsa pa WhatsApp zimakhala ndi m'mphepete mosaoneka bwino moti kuphonya ndi timadontho tiwiri n'kosavuta. Chifukwa cha ichi, lembani pansi pa tchati kuti nambala yakuti yakonzedwa kuchoka pa 250 kufika pa 310, tchulani chikalata chimene nambala yatsopanoyo yachokera, ndipo nenani poyera mizati imene manambala ake mwawayeza pa chithunzi. Sungani chithunzi chakale padera chosachikhudza, ndipo chatsopanocho muchisunge ngati PNG, chifukwa JPEG imawononga m'mphepete mwa mizati ndi zilembo nthawi iliyonse imene mwasunga mwatsopano.