Kumasulira chidule cha kafukufuku m'Chirasha: mafunso ndi mayankho

Aphunzitsi andibwezera chidule changa, ati sichikutsata GOST. Ndiye chiyaninso chimenechi?

Ndi miyezo imene dziko la Rasha limatsata, ndipo yokhudza zidule ndi GOST 7.9-95, yomwe idalowedwa m'malo ndi GOST R 7.0.99-2018. Ya 1995 ija idasiyanitsa mitundu iwiri. Pali реферат, chidule chonena cholinga, njira ndi zotsatira, cha zilembo pafupifupi 850, ndiye pali аннотация, chongonena zimene nkhaniyo ikukamba, cha zilembo pafupifupi 500. Zimene zili kale pamutu musazibwereze, ndipo mawu oyambira ngati oti "mlembi wa nkhaniyi akufotokoza" achotseni. Magazini ikakhala ndi malire akeake, tsatirani amenewo.

Ndinalemba «образцы высушились», iwo n'kuseka. Ndalakwitsa pati?

Mwanena kuti dothi lanu lidauma lokha. Kumbukirani misintho ya aneni ya ku pulayimale: "mbale yaswedwa" ndi wochitidwa, pali amene waiswa, pomwe "mbale yasweka" ndi wochitika, sitiloza munthu chala. Chirasha nacho chimasiyanitsa ziwirizi, koma chimayamba chafunsa ngati ntchitoyo idatha kapena ikuchitikabe.

Ntchito yosatsirizika, kapena yochitika mobwerezabwereza, wochitidwa wake amatenga -ся: «В работе рассматривается влияние…», kutanthauza kuti m'nkhaniyi mukuunikidwa zakutizakuti. Ntchito yotsirizika imafuna mawu aafupi othera ndi -н kapena -т, ngati высушен. Mukaphatika -ся pa mneni wa ntchito yotsirizika, kawirikawiri mumagwera mu "yasweka" muja.

Tiyerekeze kuti mudaumitsa dothi pa 105 °C, n'kuyeza chinyezi, n'kupezapo kanthu. Mulemba chonchi:

```
Образцы почвы высушены при 105 °C.
Определена влажность.
Показано, что…
```

Taonani kumapeto kwa mawuwo. Высушены yathera ndi -ы chifukwa образцы ndi zambiri. Определена yathera ndi -а chifukwa влажность ndi dzina lachikazi, ndipo mneni wayamba dzina n'kutsatira, monga zidule za Chirasha zimakondera. Показано ndi ya -о chifukwa palibe dzina loti igwirizane nalo. Ife sitinganene kuti "chimanga yauma", ndiye nkhani ya mgwirizanoyi isatiopse. Chovuta ndi mayina othera ndi ь, pakuti chilembocho sichiulula ngati dzinalo ndi lachimuna kapena lachikazi. Amenewo ayang'aneni m'dikishonale.

Ilipo njira yachitatu imene ineyo ndimaikonda pofotokoza mmene ntchito idayendera: «Образцы высушивали при 105 °C». Ili ngati "dothi ankaliumitsa", osatchula kuti ndani. Chomwe sindifuna kuona ndi был kapena были m'chiganizo chilichonse. Si kulakwa, koma wowerenga amamva fungo la Chingerezi, malo nawo n'kumangotha.

Kubwereza liwu limodzi kanayi sikunyasa? Bwanji ndizisinthasintha?

M'ndakatulo sinthani, muno ayi. Lamulo la GOST lija likuti dzina la chinthu likhale limodzi m'chidule chonse. Mrasha akaona liwu latsopano amaganiza kuti mwayamba kukamba chinthu china.

Pa nkhani ya miyeso m'pamene ambiri amapunthwa. Dikishonale wamba amapereka точность pa mawu awiri osiyana a Chingerezi, accuracy ndi precision, pomwe GOST R ISO 5725-1-2002 idawagawa kale:

```
accuracy         точность
trueness         правильность
precision        прецизионность
repeatability    повторяемость
reproducibility  воспроизводимость
```

Прецизионность ikunena kuti miyeso yanu yobwereza ikuyandikana. Правильность ikunena kuti avereji yake yayandikira mlingo weniweni. Sikelo yowonjezera magalamu awiri nthawi zonse ili ndi yoyambayo koma yachiwiriyo ilibe. Mukailembera точность, mwaiyamikira pa chimene ilibe.

Choncho musanamasulire chiganizo n'chimodzi chomwe, tolani mayina a zinthu onse m'chidulecho muwaike pa mndandanda ngati uwu. Liwu la Chirasha mulitenge mu GOST ya ntchito yanuyo, ikasowa mulitenge m'nkhani zimene magazini yomweyo idasindikiza. Mukamaliza kumasulira, fufuzani ndi `Ctrl+F` pogwiritsa tsinde la liwu lokha, monga `прецизионн`, chifukwa mathero amasinthasintha. Liwu likapezeka kanayi m'Chingerezi koma katatu m'Chirasha, penapake mwazembetsa lina. Mutu ndi mawu ofunika a pansi pa chidule muwafufuzenso.

Nanga manambala ndi mayina?

Chirasha chimalemba 0,05 osati 0.05, ndipo miyeso imalembedwa ndi zilembo zawo: кг, мг/л. Mawu ofupikitsa osadziwika kwa onse amasuliridwe pamene awonekera koyamba. Dzina la munthu kapena bungwe mungalisiye mmene lilili. Mukalilemba m'zilembo za Chirasha, ikani kalembedwe kake kenikeni m'mabulaketi poyamba pomwepo, apo ayi wofuna kupeza munthuyo pa intaneti adzasokera.